Zaka za moyo zimene amalengeza: zimanena za dziko, sizilosera tsiku la munthu

Nthawi ndi nthawi wailesi ndi nyuzipepala zimalengeza kuti Mmalawi akuyembekezeka kukhala ndi moyo zaka zakutizakuti. Cha m'ma 2000 nambala imeneyi inali pafupifupi 45, ndipo pofika 2019 inali itakwera kufika pafupifupi 65. Ambiri tikamva zimenezi timayamba kuwerengetsa zala. Bambo wa zaka 58 amaganiza kuti zamutsalira zisanu ndi ziwiri basi. Mnyamata amene wangoyamba ntchito amati penshoni n'kutaya ndalama, poti adzapuma ali ndi zaka 60 n'kungodya zaka zisanu. Agogo a zaka 80 nawo amauzidwa kuti akudya zaka zobwereka. Maganizo onsewa ndi olakwika, ndipo kulakwa kwake kumawononga zinthu zenizeni: ndalama za ukalamba, mtima wofuna kupita kuchipatala, ngakhale mtendere wa mumtima. Nambalayi ndi yoona komanso yothandiza, koma imayankha funso lina, osati loti inuyo mudzafa liti.

Avereji imene palibe amafera pomwepo

Tiyambe ndi chitsanzo chongoyerekeza, chokhala ndi masamu oti aliyense angawachite pakapepala. Tinene kuti m'mudzi wina mwabadwa ana khumi chaka chimodzi, ndipo tawatsatira mpaka womaliza atamwalira. Awiri amwalira ali ndi chaka chimodzi, wina ndi malungo, wina ndi chibayo. Wachitatu wafa pangozi ya pamsewu ali ndi zaka 28. Wachinayi wadwala n'kumwalira ali ndi zaka 50. Awiri afika zaka 70, atatu afika 80, ndipo womaliza watsikira kuli chete ali ndi zaka 90. Tikaphatikiza zaka zonse zimene anthu khumiwa akhala padziko tipeza 550. Tikagawa ndi khumi, avereji ndi zaka 55.

Taonani tsopano zimene nambala 55 yabisa. Pa anthu khumi aja palibe ndi mmodzi yemwe amene wamwalira ali ndi zaka 55. Asanu ndi mmodzi afika zaka 70 kapena kupitirira, kutanthauza kuti ambiri a iwo akalamba ndithu. Chimene chagwetsa avereji ndi ana awiri aja, chifukwa mwana akamwalira ali ndi chaka chimodzi amapita ndi zaka zambirimbiri zimene akanaponya m'nkhokwe ya onse. Tikawachotsa n'kuwerengera anthu asanu ndi atatu amene anapyola ubwana, avereji ikhala zaka 68 ndi theka. Ndiye kuti chipatala cha m'deralo chikanapulumutsa ana awiriwo, n'kukhala moyo ngati anzawo, nambala ya mudziwo ikanalumpha ndi zaka 13 ndi theka popanda nkhalamba iliyonse kuwonjezera ngakhale tsiku limodzi.

Apa m'pamene pagona yankho la nkhani imene imazunguza anthu ambiri. Tikamva kuti kalekale anthu ankangokhala zaka 35 kapena 40, timadabwa chifukwa m'midzi yathu munali nkhalamba zaimvi zoweruza milandu pabwalo. Zonse ziwiri n'zoona. Nkhalambazo zinalipo, koma abale awo ambiri anaikidwa m'manda asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo avereji imawerengera onse.

Mmene akatswiri amaipezera

M'chitsanzo chathu tadikira zaka 90 kuti tipeze yankho. Boma silingadikire chotero, choncho akatswiri owerengera anthu amagwiritsa ntchito njira ina. Amatenga chaka chimodzi, kapena zaka zochepa zotsatizana, n'kufufuza kuti pa msinkhu uliwonse, mwa anthu 1,000 alionse amwalira angati. Amapeza nambala ya makanda, ya ana osakwana zaka zisanu, ya achinyamata, mpaka ya okalamba. Akatero amayerekeza makanda 100,000 amene sanabadwe n'komwe, n'kuwadutsitsa m'misinkhu yonseyo papepala, akuchotsa pa msinkhu uliwonse chiwerengero chogwirizana ndi imfa za chaka chimenecho.

Tione ndi manambala enieni a kuno kwathu. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene bungwe la NSO la ku Zomba linachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 42 ankamwalira asanakwanitse chaka, ndipo 63 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Pa makanda athu 100,000 a papepala, ndiye kuti 95,800 akwanitsa chaka choyamba ndipo 93,700 afika zaka zisanu. Kafukufuku ngati yemweyu wa mu 1992 anapeza kuti ana 234 mwa 1,000 sankafika zaka zisanu. Pamenepo otsala akanakhala 76,600 okha. Akatswiri amapitiriza kuchotsera chonchi mpaka gulu lonse litatha, kenaka amaphatikiza zaka zimene onse akhala n'kugawa ndi 100,000. Yankho lake ndiyo nambala imene timamva pa wailesi ija. Njirayi si yatsopano: Edmond Halley wa ku England anakonza ndandanda yotere mu 1693 pogwiritsa ntchito kaundula wa obadwa ndi omwalira wa mzinda wa Breslau, umene lero ndi Wrocław ku Poland.

Tanthauzo lenileni la nambalayi tsono ndi ili: zaka zimene khanda lobadwa chaka chino lingakhale, pa avereji, ngati kafedwe ka anthu pa msinkhu uliwonse kangakhale chimodzimodzi ngati ka chaka chino moyo wake wonse. Mawu akuti "ngati" amenewa ndiwo amasowa m'nkhani za pa wailesi, chonsecho ndiwo mwini nkhani. Palibe dziko limene kafedwe ka anthu kanaima malo amodzi kwa zaka 80.

Chaka chimodzi si moyo wonse

Umboni woonekeratu unachitika ku America. Mu 1917 nambala yawo inali pafupifupi zaka 51. Mu 1918, chaka cha mliri woopsa wa chimfine umene unapha kwambiri anthu achinyamata, inagwa kufika pa 39. Mu 1919 inadzuka kufika pafupifupi 55. Kodi mwana wobadwa mu 1918 analandidwadi zaka 16 poyerekeza ndi mng'ono wake wobadwa chaka chotsatira? Ayi. Masamu a 1918 anayerekeza kuti mliri womwewo uzibwera chaka ndi chaka mpaka mwanayo atakalamba, pomwe mliriwo unatha. Zofananako zinaoneka m'maiko ambiri pa nthawi ya Covid-19, pamene nambala zinatsika mu 2020 ndi 2021 kenaka n'kuyambanso kukwera.

Kwa ife chitsanzo chili pakhomo pomwe. Mwana wobadwa ku Malawi mu 2000 analembedwa kuti adzakhala zaka pafupifupi 45. Nthawi imeneyo Edzi inali kusesa anthu a zaka 20 mpaka 45, ogulitsa mabokosi a maliro anali mbwee m'misewu ya m'mizinda, ndipo masamu anayerekeza kuti mwanayo akadzakula adzapeza zinthu zili choncho. Koma mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'zipatala, ndipo mu 2011 dziko lino linayamba kuika amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilombo pa mankhwalawa kwa moyo wawo wonse. Masikito onyikidwa m'mankhwala anafika m'midzi, katemera anawonjezeka, alangizi a zaumoyo anayamba kuthandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kumidzi komweko. Mwana wa mu 2000 uja lero ndi munthu wamkulu amene akukhala m'dziko losiyana ndi limene masamu aja anamuyerekezera. Nambala 45 inanena zoona zokhudza chaka cha 2000, koma sinanene zoona zokhudza iye.

Zimatheka kuwerengera gulu lenileni la anthu obadwa chaka chimodzi, monga tachitira ndi mudzi wathu uja, koma yankho lotsimikizika limapezeka onse atapita. Maiko amene akhala akusunga kaundula kwa zaka zoposa 100, monga Sweden ndi England, akayerekeza ziwirizi amapeza kuti anthu obadwa m'zaka za m'ma 1900 anakhala nthawi yaitali kuposa imene nambala ya chaka chawo chobadwa inkanena, chifukwa mankhwala, chakudya ndi ukhondo zinkapita patsogolo iwo akukula.

Nambala imasuntha munthu akamakula

Nambala imene imalengezedwa ndi ya khanda lobadwa lero. Inu amene mukuwerenga nkhani ino si khanda. Munawoloka kale mwezi woyamba wa moyo, umene ndi woopsa kwambiri. Munapyola chikuku, malungo a ubwana ndi kunyentchera. Ngozi zimenezo sizingakugwereninso, choncho siziyenera kuwerengedwa pa inu.

Tibwerere kumudzi wa anthu khumi uja. Amene anafika zaka 60 analipo asanu ndi mmodzi, ndipo zaka zawo pamodzi ndi 470. Tikagawa ndi 6 tipeza zaka 78 ndi miyezi ingapo. M'mudzi umene avereji yake ndi 55, munthu wa zaka 60 anali ndi zaka zinanso 18 patsogolo pake. Ndandanda za akatswiri zimakhala ndi mzere wa msinkhu uliwonse pa chifukwa chomwechi, ndipo ku Malawi mzere wa zaka 60 umasonyeza zaka zinanso 15 kapena kuposerapo. Ndiye mphunzitsi kapena msilikali amene akupuma pantchito asakonzekere zaka zisanu. Akonzekere kufika zaka 75 pa avereji, akudziwa kuti anzake ambiri adzapitirira 80. Makampani a inshulansi ndi a penshoni amadziwa bwino zimenezi, ndipo powerengera ndalama zawo amayang'ana msinkhu umene munthu wafika, osati nambala ya makanda.

Izi sizikutanthauza kuti ukalamba ulibe malire. Munthu akapyola zaka 30, mpata woti amwalire m'chaka chimodzi umawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu zilizonse, monga Benjamin Gompertz anaonera mu 1825. Munthu amene zikalata zimatsimikiza kuti anakhalitsa kuposa onse ndi Jeanne Calment wa ku France, yemwe anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122. Koma pakati pa kubadwa ndi malire akutaliwo palibe mpanda umene unamangidwa pa 65.

Dziko limodzi, miyoyo yosiyana

Nambala ya dziko imasakaniza anthu osafanana. Pafupifupi m'maiko onse akazi amakhalitsa kuposa amuna. Ku Japan, kumene avereji ndi pafupifupi zaka 84, ya akazi ndi 87 pomwe ya amuna ndi 81. Ku Malawi nakonso akazi amaposa amuna ndi zaka zingapo. Mwana wa mayi amene anafika kusekondale amakhala ndi mwayi waukulu wopyola zaka zisanu kuposa wa mayi amene sanapite kusukulu, ndipo mayi amene akuchira pafupi ndi chipatala chochita opaleshoni sali pangozi yofanana ndi amene ayenera kunyamulidwa pa njinga mtunda wautali nthawi ya dzinja milatho itakokoloka. Avereji imodzi imaphimba zonsezi.

Nambalayonso payokha ndi yongoyerekeza mosamala. M'maiko amene imfa iliyonse imalembedwa, akatswiri amangowerenga m'kaundula. Kuno anthu ambiri amamwalirira kumudzi n'kuikidwa popanda chikalata cha imfa, choncho akatswiri amadalira mafunso. Pa kalembera, monga wa mu 2018, amafunsa ngati pakhomo pachitika maliro m'miyezi 12 yapitayo. Pa kafukufuku wa zaumoyo amafunsa mayi aliyense za ana onse amene anabereka, amoyo ndi omwalira, komanso za abale ake a mimba imodzi. Mayi angathe kusatchula khanda limene linapita litangobadwa, chifukwa pachikhalidwe chathu imfa yotere sikambidwakambidwa. Agogo ambiri sadziwa chaka chenicheni chimene anabadwa. Banja limene linatheratu lilibe woliyankhulira. Akatswiri amakonza mipata imeneyi ndi masamu, ndipo n'chifukwa chake NSO, bungwe la WHO ndi nthambi ya United Nations yowerengera anthu angathe kupereka nambala zosiyana ndi chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu za chaka chomwecho. Kusintha kwa theka la chaka kusakudabwitseni. Koma kukwera kwa zaka 20 m'zaka 20 n'kwenikweni.

Nanga titadziwa zonse za munthuyo?

Wina angafunse kuti: chabwino, tisiye nambala ya dziko, titenge ya amuna okhaokha a zaka 50, a m'tauni, osasuta, a thupi lakutilakuti, kodi pamenepo sitingalosere? Tingathe kuchepetsa kusatsimikizika, koma sitingakuthetse. Ngakhale m'kagulu kosankhidwa bwino chotero, ena adzapita ali ndi zaka 55, ena 95, ndipo palibe chizindikiro chosonyeza kuti uyu ndi uti. A zanyengo akanena kuti boma lakutilakuti lilandira mvula yokwanira chaka chino amakhala akunena zoona, komabe mlimi aliyense amadziwa kuti mvula imatha kugwa tsidya lino la mtsinje n'kusiya munda wa tsidya linalo uli gwa.

Ngakhale magazi a makolo sanena zambiri monga timaganizira. Kafukufuku wotchuka wa mapasa obadwa ku Denmark pakati pa 1870 ndi 1900 anapeza kuti chibadwa chimafotokoza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kusiyana kwa zaka zimene anthu amakhala. Mapasa ofanana ndendende, a chibadwa chimodzi, kawirikawiri amamwalira motalikirana zaka zambiri. Zotsalazo ndi kumene munthu akukhala, zimene amadya ndi kumwa, ntchito yake, chithandizo chimene amapeza akadwala, ndiponso zongogwa: minibasi imene wakwera tsikulo, udzudzu umene wamuluma, selo limodzi m'thupi limene lasanduka khansa. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo masamu sanawatsutse.

Nkhani ya Stephen Jay Gould, katswiri wa sayansi wa pa yunivesite ya Harvard, imaonetsa bwino mmene tingawerengere nambala zotere. Mu 1982, ali ndi zaka 40, anamupeza ndi khansa yosowa ya m'mimba. Atafufuza m'mabuku anapeza kuti theka la odwala matendawa ankamwalira m'miyezi isanu ndi itatu. Iye ankadziwa masamu, choncho anafunsa za theka linalo. Anaona kuti omwalira msanga sangatsike kupyola ziro, koma opitirira miyezi isanu ndi itatu angathe kufika zaka zambiri, ndipo iye anali ndi zomuikira kumbali imeneyo: anali wachinyamata, matenda anapezeka msanga, ndipo chithandizo chabwino chinalipo. Anachitidwa opaleshoni n'kulandira mankhwala, ndipo anakhala zaka zina 20 mpaka 2002, pamene anamwalira ndi khansa ya mtundu wina. Nambala ya miyezi isanu ndi itatu sinali yabodza, ndipo ambiri inawakwaniradi. Dokotala akatchula nambala yotere, wodwala ndi abale ake afunse kuti: yachokera kwa odwala a msinkhu wanji, amene matenda anali atafika pati, ndipo amene anakhalitsa anakhala nthawi yaitali bwanji?

Zimene nambalayi ingatithandize

Pali msampha wina kumbali inayo, woti poti palibe angalosere, ndiye palibe chifukwa chodzisamalira. Aliyense amadziwa gogo wina amene ankasuta chingambwe mpaka zaka 90. Koma amatchulidwa chifukwa anatsala. Anzake amene anapita ali ndi zaka 55 sali pano kuti aikire umboni. Richard Doll ndi anzake anatsatira madokotala aamuna oposa 34,000 a ku Britain kuyambira 1951 kwa zaka 50. Anapeza kuti osuta ndudu ankamwalira zaka pafupifupi khumi msanga kuposa osasuta, kuti wosiya ali ndi zaka 30 ankabweza pafupifupi zaka zonsezo, ndipo ngakhale wosiya ali ndi zaka 60 ankapindula zaka zitatu. Izinso ndi avereji: si kuti wosuta aliyense amataya zaka khumi ndendende, ena sataya kanthu, ena amataya 25. Munthu sangasankhe tsiku lake, koma angasankhe gulu limene aimemo, ndipo magulu ena manda amawachedwera kuposa ena.

Kumene nambalayi imagwira ntchito yake yeniyeni ndi poyeza dziko. Ikakwera kapena kutsika, funso loyenera n'lakuti: ndi anthu a msinkhu uti amene asiya kufa kapena ayamba kufa, ndipo chifukwa chiyani? Kukwera kwathu kuchokera pa 45 kunabwera makamaka chifukwa chopulumutsa ana ndiponso kuchepetsa imfa za Edzi. Kuti ipitirire kukwera pafunika kuteteza makanda a m'mwezi woyamba ndi amayi pochira, komanso kulimbana ndi zimene zikutha akuluakulu mwakachetechete: kuthamanga kwa magazi, shuga, khansa ya khomo la chiberekero, chifuwa chachikulu ndi ngozi za pamsewu. Amenewa ndi mafunso oti tizifunsa aphungu ndi makhansala athu, ndipo nambalayi ndi umboni wabwino pa mlandu umenewo.

Choncho mukadzamvanso nambalayi ikulengezedwa, funsani zinthu zitatu: ndi ya msinkhu uti, ya chaka chiti, ndipo ya gulu liti la anthu. Musachotserepo zaka zanu kuti muone zotsala. Ngati muli pantchito, sungani penshoni ngati munthu amene adzafike zaka 80, chifukwa mwayi wake ndi waukulu kuposa mmene mukuganizira; lembaninso wilo lero, chifukwa mawa salonjezedwa kwa aliyense. Kayezetseni magazi ndi kuthamanga kwake, pititsani mwana kusikelo, ndipo maliro akachitika pakhomo kalembetseni imfayo kuti nambala ya dziko lathu idzakhale yoona kuposa lero.